Fomu Yokamangira Chiliza cha Amayi

Tsiku limenelo tinalipo anthu asanu. Panali ineyo, wa pabwalo pa chipatala chathu chaching'ono, amene ndinatchetcha udzu ndi kuwotcha zinyalala pamenepo zaka makumi awiri ndi zitatu. Panali oyang'anira chipatalacho, mayi wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, amene anali asanathe ndi chaka chomwe chibwerereni, ndipo tonse tinkangowatchula kuti abwana. Panali achemwali okolopa m'mawodi, Myao wakuthwa pakamwa, amene tinayamba nawo ntchito mwezi umodzi ndipo chiyambireni sitinagwirizanepo pa nkhani iliyonse. Panali mwana wanga woyamba, bambo wa ana atatu, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Njuli. Wachisanu anali dalaivala wa ambulansi, koma iyeyo sanakhale pansi. Ankangosuzumira pakhomo ndi makiyi m'manja, n'kubwereranso.

Linali Lolemba, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lotopetsa munthu asanagwire kanthu. Patebulo panali mapepala awiri: fomu ya tchuthi imene ndinalemba ndekha n'kubwezedwa kuchokera ku Boma, ndi fomu ina yosalembapo kanthu. Yosalembayo inali yomaliza mu ofesi monse.

Ndiyambe ndi chimene ndinkafunira tchuthicho. Amayi anga anamwalira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo anagona kwathu chakumtunda kwa Mpama. Zaka zonsezo chiliza sitinamange. Chaka chino tikati timange, njala. Chaka chinacho, matenda. Mtanda wa thabwa umene tinazika chiswe chinadya kalekale, ndipo manda athu anadzaza, mitumbira kuthinana ngati mizere ya mbatata. Adzukulu amene anakumba dzenjelo onse anatsikira komweko. Alongo anga awiri amene anaona pogona amayi anapitanso. Wodziwa mtumbirawo ndinatsala ndekha. Ndinkadziwa kuti ukaima pa mtengo wa naphini n'kuyang'ana kolowera dzuwa, uyende mapazi asanu ndi awiri, ndipo kumutu kwake ndinakwirirako ndi manja angawa kapu ya chitsulo ya amayiwo. Zimenezi sindinauzeko munthu. Mwana wanga anandifunsapo kawiri, ine n'kumukalipira kuti zoterezi sanena pakamwa, amachita kuloza ndi chala. Ndine mwinimbumba. Ndinkafuna kuti tsiku lakelo mbumba yonse iime pambuyo panga, ine patsogolo.

Chaka chimenecho ana a alongo anga anasonkhana, simenti ndi njerwa zinapezeka, mmisiri anavomera. Kumanda salowako chilowelowe, ndiye tinakapempha kwa amfumu, ndipo anatipatsa Lolemba lachiwiri la Okutobala kuti tikalambule ndi kuyamba ntchito. Mwambo wovundukula unali Loweruka la sabata yotsatira. Mmisiriyo anali ndi ntchito ina yomudikira, ndipo mvula ikanagwa, basi, mpaka chaka chamawa. Popanda ine, akanachita chimodzi mwa ziwiri: kubalalika osamanga, kapena kumangira mayi wa eni ake.

Ine zaka zonsezi tchuthi ndinkangotsanzika pakamwa. Abwana akale, mdala wofatsa amene anapuma ntchito chaka chathachi, ndinkangowaimirira pakhomo n'kunena kuti sabata ziwiri zikubwerazi kulibe ine. Iwo ankati chabwino, tangosayinani apa, n'kundiuza tsiku lodzamva yankho. Ndinkasayina osafunsa, monga tinkasayinira magambuti ndi sopo. Ndinkanyadira nazo. Ndinkauza anyamata olembedwa kumene kuti inu ndi amene mumavutika ndi mapepala, ine mawu anga ndi chidindo.

Ndiye nditawaimirira abwana atsopanowa pakhomo monga mwa masiku onse, iwo anatsegula kabati n'kundipatsa fomu. Anati ndilembe, ndiphatikepo kakalata kafupi, ndibweretse kwa iwo. Anafunsanso mwaulemu ngati ndingafune kuti tilembere limodzi. Panali anamwino awiri akumva. Ndinayankha mokweza kuti ndinayamba kugwira cholembera iwo asanabadwe.

Zoona zake n'zakuti sukulu ndinalekera Sitandade 3. Chinyanja ndimawerenga, pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, ndipo ndimalemba monga ndikulembera panomu, tsamba limodzi kutha tsiku. Koma fomuyo inali ya Chingerezi. Ndinakakhala nayo kuseri kwa nyumba ya mankhwala, pa wilibala yovundikira, masana onse. Pa dzina ndinalemba mfunda wanga, umene anthu amandiitanira kuyambira kumsika mpaka kutchalitchi. Pofuna nambala ndinalemba ya foni. Pa mabokosi anayi osankha mtundu wa tchuthi ndinaima nthawi yaitali, kenako ndinaitana mlonda wa masana n'kumufunsa, ngati ndikumuyesa mayeso, kuti bokosi la maliro ndi liti. Analoza, ine n'kuchonga. Masiku ndinalemba fotini, poti sabata ziwiri ndi fotini, mwana aliyense amadziwa. Pa malo okakhala ndinalemba kuti KUMUDZI. Mizere ina ndinaidumpha. Ndipo paliponse pamene ndinaona kamzere kosayinapo, ndinasayina, malo atatu, mokoka bwino mchira wa chilembo chomaliza.

Kalata sindinalembe. Ndinati fomu yanena kale zonse. Ndiponso sindinaibweze kwa abwana, chifukwa sindinkafuna kuti mwana ngati ameneyo aziona zolemba zanga ngati mphunzitsi. Ndinaipinda, n'kumupatsira dalaivala kuti akaisiye yekha ku ofesi ya antchito ku Boma. Ambulansi yathu, pakakhala palibe wodwala wa mwadzidzidzi, inkapita ku Boma Lolemba ndi Lachisanu kukatenga mankhwala ndi makalata. Sabata ziwiri ndinayenda chifuwa patsogolo. Lachisanu lina fomu ija inabwera m'envulopu, yolembedwa dzina la abwana.

Ndi mmene linafikira Lolemba lija, kutatsala sabata imodzi yokha.

Nditalowa mu ofesi ndinapeza mwana wanga atakhala kale pabenchi, chipewa cha njinga chili pamaondo. Sindinamuitane ine. Ndinayang'ana achemwali aja, amene ankakolopa pakona pamene panali poyera kale, ndipo ndinadziwa amene anaimba foni.

"Musandiyang'ane choncho achimwene," anatero. "Mukanafuna ndiitane abusa?"

Abwana anandipempha kuti ndikhale. Ndinati ndiima. Anatambasula fomu yanga. Inali ndi tizizindikiro ta pensulo ponseponse, ngati nkhope ya mwana wodwala chikuku. Sanakweze mawu. Ankaoneka otopa, poti m'mawa umenewo anali ataona kale mzere wa odwala malungo wofika pa mtengo wa mango. Anati a ku Boma sanakane tchuthi changa, angoti fomu ilembedwenso, ndipo ikapita lero yankho likhoza kubwera Lachisanu. Ikaphonya lero, ipita Lachisanu, yankho Lolemba masana, pamene anthu kumanda atabalalika kale. Ndipo anandiuza mosabisa kuti munthu sayamba tchuthi fomu isanavomerezedwe. Wochoka yankho lisanabwere amalembedwa kuti wajomba, ndipo ine, wotsala zaka ziwiri kuti ndipume, sindinkafunika kalata yotere m'failo mwanga.

Anayamba ndi bokosi lija. Anafunsa kuti wamwalira ndani. Ndinati amayi anga. Anapepesa, n'kufunsa kuti liti. Nditanena zaka, anaika cholembera pansi.

"Ababa, tchuthi chimene mwachongachi ndi cha munthu amene waferedwa kumene. Ndi cha masiku ochepa, okaika maliro. Chiliza chimalowa ku tchuthi chanu cha pachaka."

Apa ndinakalipa. Mawu anga ndi aakulu chibadwire, ndipo ndikudziwa kuti anamveka mpaka ku sikelo ya ana. Ndinati amene analemba fomuyi alibe amake. Ndinati kwathu maliro satha tsiku loika, amatha tsiku limene mwala wakhala pamutu pa munthu. Ndinati ine sindikupita kokasewera bawo kapena kokaona nyanja kuti ndichonge bokosi limodzi ndi anthu opita kokapuma. Amayi anga ndiwalembe pa tchuthi cha pachaka, ngati chimanga?

Kenako achemwali anafinya chokolopera chawo mu ndowa.

"Bola simunachonge cha uchembere," anatero. "Chili pafupi pomwepo."

Mwana wanga anaweramitsa mutu kuti ndisaone kuti akuseka. Abwana sanaseke. Anati akumvetsa, kwawonso amamanga ziliza, ndipo bambo awo omwe chawo chinali chisanamangidwe. Koma bokosi silifunsa kuti mtima ukuwawa bwanji, limangofunsa kuti masiku achotsedwe pa mulu uti. Anatinso mawu akuti chiliza cha amayi adzalowa m'kalata, ndiye ntchito ya kalatayo, kuti wowerenga adziwe kuti tsikuli silingasunthe.

Dalaivala anasuzumira n'kunena kuti iye pofika leveni koloko wanyamuka, kotenga mankhwala ku Boma amatseka masana.

Ine sindinagonje. Ndinati zaka makumi awiri ndi zitatu ndapita kutchuthi popanda pepala, bwanji lero? Abwana akale ankadziwa ulemu wa munthu wamkulu. Ndinanena zambiri, zina sindingazilembe pano. Abwana anadikira mpaka nditapuma, kenako anadzuka, natsegula kabati, natulutsa failo yofiirira yolembedwa dzina langa. Anaitsegula patsogolo panga.

Munali mafomu. Ambirimbiri, ena achikasu ndi ukalamba, ena odyedwa ndi njenjete m'mbali. Onse olembedwa ndi dzanja limodzi laling'ono lopendekera, dzanja la abwana akale, limene ndinkalidziwa pa matikiti a odwala. Kuseri kwa fomu iliyonse kunali kakalata ka mizere inayi kapena isanu. Ndipo m'munsi mwa iliyonse munali siginecha yanga, ndi mchira wake uja.

Ndinayang'ana nthawi yaitali. Mdala uja, chaka ndi chaka, ine ndikachoka pakhomo pake ndi chifuwa changa, ankatsala n'kulemba zonsezi, kusunga kope, kutumiza ku Boma, ndipo sanandiuzepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinakumbukira anyamata aja ndinkawauza kuti mawu anga ndi chidindo. Mwina onse ankadziwa.

Ndinakhala pampando uja ndinaukana.

Abwana anakankhira fomu yatsopano kwa ine pamodzi ndi cholembera. Anati ndi yomaliza, ikaonongeka ndiye kuti wina akwere njinga mpaka ku Njuli kukachita fotokope, ndipo ambulansi sidikira. Anatinso a ku Boma safuna zofufutafufuta. Ndinatenga cholemberacho. Ndinayang'ana mzere woyamba, wachiwiri. Zilembo ndinkaziona bwinobwino, chimodzichimodzi, koma sizinkandiuza kanthu.

"Sinditha kuwerenga izi," ndinatero.

Ndikhulupirira kuti aka kanali koyamba anthu a pachipatalapo kundimva ndikuyankhula motsitsa. Achemwali anatuluka ndi ndowa yawo ngati madzi ada, ngakhale anali asanade. Ndinapereka cholembera kwa mwana wanga.

Iye sanalembe pa fomupo nthawi yomweyo. Anati tiyambe tayesera papepala lina ndi pensulo, zikakhala bwino ndiye tikopere. Anawerenga mzere uliwonse, n'kumandiuza m'Chinyanja. Dzina, anati, liyenera kukhala lomwe lili pa pepala la malipiro, osati mfunda, chifukwa ku Boma mfunda wanga saudziwa. Zinandiwawa kumva kuti kuli malo m'Chiradzulu muno kumene mfunda wanga sadziwa. Anandifunsa pepalalo. Ndimalisunga m'jumbo ya shuga, mkati mwa buku la nyimbo, m'thumba la ovolosi. Pamenepo anakopera dzina, nambala ya ntchito, giredi ndi dzina la udindo wanga. Tsiku limene ndinayamba ntchito abwana analipeza m'failo. Malo a ntchito analemba dzina la chipatala chathu. Pa mabokosi aja anandiyang'ana kaye. Ndinagwedeza mutu, nachonga cha pachaka.

Titafika pa masiku, abwana anatsitsa kalendala ya pakhoma. Anati fomu imawerenga masiku ogwira ntchito okha. Ife a pabwalo timagwira Lolemba mpaka Lachisanu, ndiye Loweruka ndi Lamulungu ndi anga kale, sindiyenera kuwapempha. Anawerenga ndi chala: sabata yoyamba asanu, yachiwiri asanu. Kenako chala chinabwerera pa Lachitatu la sabata yoyamba, lolembedwa ndi inki yofiira.

"Ili ndi Tsiku la Anakubala, ndi tchuthi cha dziko lonse. Silowerengedwa. Ndiye ndi naini."

Ndinati ine ndikufuna sabata ziwiri zathunthu, asandidule. Mwana wanga anandionetsa pa kalendalapo kuti sabata ziwirizo zilipo zonse, koma pa mulu wa masiku anga a pachaka achotsapo asanu ndi anayi okha m'malo mwa khumi ndi anayi. Pa fomu yanga ija, anati, ndinkataya masiku asanu ndi manja anga, ndiponso nambala ndi madeti sizinkagwirizana. Abwana anaona m'failo kuti masiku anga a chaka chimenecho anali osakhudzidwa, koma anati mzere wa masiku otsala si wathu, adzalemba ndi a ku ofesi ya antchito.

Mwana wanga analemba tsiku loyamba, Lolemba. Tsiku lomaliza, Lachisanu la sabata yachiwiri. Kenako panali mzere umene ine ndinaudumpha, wa tsiku lobwerera pa ntchito. Ndinati umenewo ngakhale ndikanauwerenga sindikanalemba, chifukwa munthu wopita ku mwambo wa kumanda sanena tsiku lobwerera, amachoka abale akamumasula. Abwana anapukuta thukuta ndi mpango n'kunena kuti abalewo ndiwauziretu kuti andimasule Lamulungu, poti Lolemba hafu seveni akufuna kundiona pabwalo. Mwana wanga analemba Lolembalo.

Pa malo okakhala analemba mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, ndipo pa foni anaika nambala yake, chifukwa yanga imazima yokha ikafuna. Anafotokoza kuti n'cholinga choti atandifuna mwadzidzidzi adziwe kondipeza. Ndinati aliyense amadziwa kwathu. Iye anangopitiriza kulemba.

Unatsala mzere umodzi: dzina la munthu wogwirizira ntchito yanga ine kulibe. Wa pabwalo pa chipatalapo ndinali ndekha. Abwana anati popanda dzina pamenepo iwo sangavomereze, chifukwa dzenje la zinyalala silipita kutchuthi, ndipo munthuyo ayenera kuvomera yekha, osangomulemba. Onse tinadziwa kuti munthuyo ndani. Anali ataima pakhonde, akuyanika chokolopera.

Ndinadzuka ndekha kukawaitana. M'zaka zonsezo ndinali ndisanawapemphepo ngakhale machesi. Analowa akupukuta manja pa chitenje.

"Ndamva," anatero ndisanayambe. "Nenani bwinobwino, ndimve kukoma kwake."

Ndinanena. Ndinati achemwali, ndikupempha mundigwirizire sabata ziwiri.

Anati kusesa asesa, zinyalala awotcha, madzi a m'matanki aona. Koma chitchetcho sagwira, msana wawo si wa boma, ndipo udzu wa Okutobala ndi wouma kale, ungadikire mwini wake. Kenako anatembenukira kwa mwana wanga.

"Lemba dzina langa, mwanawe. Ifenso sadaka ya amayi timachita. Si chifukwa cha bambo akowa ayi."

Mwana wanga anakopera zonse pa fomu yeniyeni ndi cholembera chakuda, zilembo zikuluzikulu, osafulumira, ngakhale dalaivala anali ataliza kale injini panja. Atamaliza anandilozera malo amodzi okha osayina, m'munsi mwa gawo loyamba, ndi deti pambali pake. Anati gawo lachiwiri ndi la abwana, lachitatu ndi la a ku Boma. Pa fomu yoyamba ija, anati, ndinadzipempha tchuthi, n'kudzivomereza ndekha ngati woyang'anira chipatala, n'kudzivomerezanso ngati mkulu wa ku Boma.

"Ndiye anabwezeranji?" anatero achemwali. "Akuluakulu atatu onse anali atavomera."

Apo ngakhale abwana anaseka pang'ono. Ine ndinasayina malo anga amodziwo.

Inatsala kalata. Apa ndinaona ngati mpata wanga wafika, poti kuyankhula ndiye ntchito yanga. Pamaliro kwathu ndimayankhula ndine. Ndinauza mwana wanga kuti alembe mmene ndikunenera. Ndinayamba ndi kulonjera akuluakulu onse a ku Boma ndi mabanja awo. Ndinafotokoza za amayi, kuti makolo awo anachokera kutsidya kwa phiri ku Mozambiki akuyenda wapansi, kuti analera ana asanu ndi awiri ndi khasu limodzi. Ndinali nditangofika pa chaka cha njala pamene ndinaona kuti pensulo siikuyenda.

"Ababa," anatero, "munthu wowerenga kalatayi ali ndi mafomu ena mulu. Akufuna adziwe zinthu zinayi: mukupempha chiyani, liti, chifukwa chiyani, ndipo ntchito mwasiyira ndani. Zinazo mukanene kumanda, kumeneko akakumverani."

Ndinatopa. Ndinangokweza dzanja kuti achite zimene akudziwa.

Analemba pa pepala loyera limene abwana anamupatsa. Pamwamba kudzanja lamanja anaika adiresi ya chipatala ndi deti. Kumanzere analemba udindo wa mkulu wa zaumoyo ku Boma, ndipo pansi pake analemba kuti kudzera kwa oyang'anira chipatala chathu. Abwana anagogoda ndi chala pa mawu akuti kudzerawo n'kundiyang'ana. Ndinamva. Kenako mwana wanga anaika mutu wa kalata, naudula mzere kunsi. Atamaliza anandiwerengera m'Chinyanja, ndipo ndimaikumbukira chifukwa inali yaifupi kuposa pemphero la chakudya:

"Pempho la tchuthi cha pachaka. Ndikupempha tchuthi cha pachaka cha masiku asanu ndi anayi ogwira ntchito, kuyambira Lolemba lakuti mpaka Lachisanu lakuti, kuti ndikamange chiliza cha amayi anga. Ndidzabwerera pa ntchito Lolemba lakuti. Ntchito yanga adzagwirizira mayi akuti, ndipo avomera. Fomu ya tchuthi ndaiphatika pa kalatayi."

Pansi pake panali mawu otsanzika, malo a siginecha, dzina langa ndi nambala ya ntchito. Abwana anayerekeza madeti a m'kalata ndi a pa fomu, limodzilimodzi, kuti asasiyane. Ndinafunsa ngati sangawonjezeko kuti wodziwa mtumbira ndine ndekha. Mwana wanga anati zimenezo a ku Boma sizikuwakhudza. Anazinena mouma, osandiyang'ana, ndipo ndinadabwa nazo.

Ndinasayina. Abwana analemba mawu awo ovomereza pa gawo lawo, nasayina, namenya chidindo pa fomu ndi pa kalata. Poti panalibe nthawi ya fotokope, anajambula mapepala onse awiri ndi foni yawo kuti pakhale chotsalira. Anawalumikiza ndi pini, kalata pamwamba, fomu pansi, naika m'envulopu, nalemba m'buku la makalata otuluka, dalaivala n'kusayina. Ambulansi inatuluka pageti nthawi itapitirira pang'ono leveni. Ine ndinabwerera ku dzenje langa la zinyalala. Tsiku limenelo sindinakalipire mwana aliyense woponda maluwa.

Sabata imeneyo inali yaitali. Ana a alongo anga ankaimba pa foni ya mwana wanga kufunsa ngati amalume akubwera, ndipo iye ankangoti dikirani Lachisanu. Ine, amene ndinali ndisanadikirepo chilolezo cha munthu, kapena ndinkaganiza choncho, ndinkangoyang'ana kumsewu. Lachisanu ambulansi inachedwa, inafika dzuwa litapendeka. Abwana anandiitana n'kundionetsa gawo lachitatu, losayinidwa ndi kudindidwa, ndi nambala ya masiku anga otsala. Anandipatsa kope langa. Ndinalipinda n'kuliika m'jumbo ya shuga ija. Ndinawathokoza, ndipo anati ndikayende bwino, ndikawapepesere onse.

Lolemba m'mawa tinalowa kumanda, ine patsogolo, mbumba pambuyo, monga ndinkafunira zaka zonse zija. Koma sizinakome mmene ndinkaganizira. Naphini uja anali atagwa ndi mphepo zaka zingapo m'mbuyomo, panangotsala chitsa chophimbidwa ndi zitsamba, ndipo zitsa zinalipo ziwiri. Ndinayenda mapazi asanu ndi awiri kuchokera pa choyamba, tinafukula pang'ono kumutu, osapeza kanthu. Anthu anayamba kuyang'anana. Mmisiri anakhala pa thumba la simenti. Ndinapita pa chitsa chachiwiri, n'kukumbukira kuti mapazi a munthu wa zaka zanga si ofanana ndi a nthawi ijayi, ndiye ndinatalikitsa. Ndinagwada n'kufukula ndi manja. Kapu ija inatuluka, yadzimbiri, yobooka pansi, chogwirira chake chilipobe. Amayi ena anayamba nyimbo. Ine ndinangokhala pansi pomwepo, mawu amene ndinakonza kuti ndiyankhule osabwera.

Chiliza chinamangidwa, tinavundukula Loweruka lake, ndipo Lamulungu masana ndinatsanzika, ngakhale abale ankati ndikhaleko kaye. Mwana wanga anandinyamula pa njinga yake. Titafika pa mlatho wina waung'ono tisanakwere chitunda, anaimitsa njinga kuti injini izizire, tinakhala pamthunzi. Anavula chipewa, napukuta nkhope, ndipo anayankhula akuyang'ana kumsewu.

"Ababa, pa fomu paja anakana kukuvomerezani mpaka mutatchula wogwirizira dzenje la zinyalala. Za agogo munazisunga nokha zaka sikisitini, wogwirizira panalibe. Mukanagona chaka chatha, ife tikanamangira mlendo. Kumanda kuja kuli azakhali awiri ndi mng'ono wanga, ndipo sindikudziwa pamene ali. Masiku anu a tchuthi atsala. Fomu ndidzalemba ine, inu mudzangosayina malo amodzi, tikapemphe kwa amfumu, mukandilozere."